Momwe mungatsogolerere phunziro la Maliko 16 pamene mabaibulo a gulu lanu akusiyana

M'magulu athu a mapemphero kuno ku Joni, kaya ku Yeoville, Rosettenville kapena Diepsloot, patebulo sipakhala Baibulo la mtundu umodzi. Amayi ena agwira Buku Lopatulika limene anachoka nalo kumudzi, achinyamata akuwerenga la Chingerezi pa foni, mlendo wabwera ndi la Chizulu. Mukafika pa Maliko 16:9 phokoso limayamba, chifukwa Baibulo lina limangopitirira, lina laika mzere ndi mawu ochenjeza, lina lathera pa vesi 8. Posakhalitsa wina anena kuti azungu adula Mawu a Mulungu. Mlanduwo ndi waukulu, ndipo siwoona. Ngati ndinu wotsogolera phunziro, yendani motere.

Choyamba, werengani mpaka vesi 8, muime

Pemphani mmodzi awerenge mokweza Maliko 16:1-8. Amayi atatu apita kumanda ndi zonunkhira, apeza mwala wakunkhunizidwa, mnyamata wovala zoyera awauza kuti Yesu wauka ndipo atsogola ku Galileya. Amayiwo athawa akunjenjemera, osauza munthu kanthu chifukwa cha mantha. Onetsetsani kuti onse amva kuti uthenga wa kuuka uli kale pa vesi 6, palibe Baibulo lauchotsa. Kenaka aliyense anene zimene zili m'buku lake pakati pa vesi 8 ndi 9, ngakhale timalemba ting'onoting'ono tam'munsi mwa tsamba.

Chachiwiri, fotokozani kumene kusiyanako kunachokera

Apa musathamange. Kale mabuku ankakopedwa pamanja, ndipo omasulira amayerekeza makope akalewo kuti apeze zimene wolemba analemba. Makope awiri akale kwambiri a Chigiriki amene ali ndi Maliko yense ndi Codex Vaticanus, wosungidwa ku Vatican, ndi Codex Sinaiticus, amene gawo lake lalikulu lili ku London. Onse awiri ndi a zaka za m'ma 300, ndipo onse amathera pa vesi 8. Zithunzi za Sinaiticus zilipo zaulere pa codexsinaiticus.org, mukhoza kuonetsa gulu tsambalo pa foni. Eusebius, wolemba mbiri ya mpingo m'zaka za m'ma 300, komanso pambuyo pake Jerome, amene anamasulira Baibulo m'Chilatini, analemba kuti makope ambiri a Chigiriki a nthawi yawo analibe mavesi otsatirawo.

Koma musabise mbali inayo, poti nayonso ndi yolemera. Pafupifupi makope ena onse a Chigiriki, oposa chikwi, ali ndi vesi 9 mpaka 20, kuphatikizapo Codex Alexandrinus wa zaka za m'ma 400. Ndipo cha m'ma 180, Irenaeus, bishopu wa ku Lyon, anagwira mawu a vesi 19 nkunena kuti ali kumapeto kwa Maliko. Ndiye kuti mavesiwa ndi akale kuposa makope awiri aja amene alibe. Palinso mathero ena aafupi, a ziganizo ziwiri zokha: Codex Bobiensis wa Chilatini ali ndi amenewo okha, pamene makope ena ochepa ali ndi onse awiri. Akatswiri ambiri amaona kuti kuchuluka kwa matheroku kukusonyeza kuti okopa anapeza buku lothera pa mantha a amayi aja, nkuyesa kulitsekera bwino. Ena amati tsamba lomaliza la Maliko linatayika msanga, ena amati anathera pomwepo mwadala.

Chachitatu, gulu lidzionere lokha msoko

Izi sizifuna Chigiriki. Funsani kuti Mariya wa Magadala watchulidwa kale pati. Apeza 15:40, 15:47 ndi 16:1. Tsono pa vesi 9 akufotokozedwa ngati mlendo, kuti ndi uja Yesu anamutulutsa ziwanda zisanu ndi ziwiri, nkhani yopezeka pa Luka 8:2. Amayi awiri anzake aja sakutchulidwanso. Vesi 2 inanena kale kuti kunali mamawa tsiku loyamba la sabata, koma vesi 9 ikuyambiranso kutchula nthawiyo. Lonjezo lokakumana ku Galileya, la pa 14:28 ndi 16:7, silikuoneka likukwaniritsidwa. Zili ngati chigamba chosokedwa bwino pa malaya: chagwira, koma ulusi wake ukuoneka kuti ndi wina.

Mukatero gawani mavesi. Wina atsegule Yohane 20:11-18 ayerekeze ndi vesi 9-11, wina Luka 24:13-35 ndi vesi 12-13, wina Mateyu 28:18-20 ndi vesi 15-16, wina Machitidwe 1:9 ndi vesi 19. Apeza kuti gawoli ndi chidule cha nkhani zimene zili kale m'mabuku ena. Amene anada nkhawa kuti chikhulupiriro chawo chagwedezeka amakhazikika mtima pamenepa, ndipo ndi bwino adzipezere okha m'malo mouzidwa.

Chachinayi, masulirani zizindikiro za omasulira

Baibulo likangopitirira popanda chizindikiro, nthawi zambiri ndi lakale. King James ya 1611 inamasuliridwa Sinaiticus asanadziwike kwa akatswiri, kuchokera ku makope a pambuyo amene onse anali ndi mavesiwa. Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, nalonso lili nawo. Revised Standard Version ya 1946 inawatsitsira m'munsi mwa tsamba, koma mu 1971 inawabwezera m'kati. NIV imaika mzere ndi mawu ofotokoza, ESV imawatsekera m'mabulaketi awiriawiri, ndipo New World Translation ya Chingerezi ya 2013 imathera pa vesi 8. Amene ali ndi Buku Loyera kapena Malembo Oyera ayang'ane njira imene lawo latsata.

Mabulaketi sakunena kuti mavesiwa ndi abodza. Akungonena kuti omasulira akukayika ngati Maliko ndiye anawalemba. Funso loti kodi ndi Malembo ndi lina, ndipo limayankhidwa ndi mpingo: Akatolika, mwachitsanzo, amawalandira ndipo amawerenga 16:15-20 pa chaka cha Kukwera Kumwamba. Kwa ine, womasulira amene waika mavesi pamodzi ndi chenjezo wachita ulemu kwa wowerenga kuposa amene wachotsa mwakachetechete kapena wasunga osanena kanthu.

Chachisanu, musalumphe vesi 18

Vesi imeneyi imanena za kunyamula njoka ndi kumwa zakupha osavulala. Kuno nkhaniyi si yapatali. Mu 2014 ndi 2015 nyuzipepala zinadzaza ndi zithunzi za abusa a madera ozungulira Pretoria akumwetsa anthu petulo ndi kuwadyetsa njoka, mpaka bungwe loona za ufulu wa zipembedzo ndi zikhalidwe la CRL Rights Commission linafufuza. Onetsani gulu kuti pa Machitidwe 28:3-6 njoka inaluma Paulo mwangozi akuika nkhuni pamoto, sanachite kuifuna. Za kumwa poizoni palibe chitsanzo chilichonse m'Chipangano Chatsopano. Wina akati, "Abusa, koma zalembedwa," muwerengereni Mateyu 4:5-7, pamene Satana nayenso anati zalembedwa, Yesu nkukana kudziponya pansi kuti ayese Mulungu. Mukatero m'funseni akupezereni vesi ina, kunja kwa Maliko 16:9-20, yolamula Mkhristu kumwa chakupha. Mupatseni sabata yathunthu, adzabwere ndi yankho pa phunziro lotsatira.