Momwe mungachotsere munthu pachithunzi popanda kompyuta kubweretsapo wina

M'mwezi wa Okutobala, maluwa a jakaranda atadzaza pansi ku Africa Unity Square, paki ya mumzinda wa Harare, mlongo wanga anajambula amayi ataima pafupi ndi benchi. Ankafuna kutumiza chithunzicho kwa abale ku Dedza, koma kumbuyo kwa amayi kunkadutsa bambo wina atanyamula chikwama. Mlongo wangayo anadinda bamboyo pa pulogalamu ina ya pafoni kuti achoke. Bamboyo anachokadi, koma pamalo pake panamera munthu wina wowonda, wopanda nkhope yooneka bwino, atavala nsapato imodzi. Anandibweretsera ku Highfield ali wokhumudwa, nati, "Achimwene, foni yangayi yalowa chiyani?" Sinalowe kanthu. Inachita zomwe inapangidwira, ndipo mukadziwa mmene imagwirira ntchito mungathe kuiwongolera.

Choyamba n'chakuti kamera sinaone zimene zinali kuseri kwa bamboyo. Palibe udzu kapena mtengo wobisika m'chithunzimo umene pulogalamu ingavundukule. Njira yakale, ngati Content-Aware Fill imene inabwera mu Photoshop mu 2010, imatapa tizigamba m'mbali zina za chithunzi chomwecho n'kumata pabowo pamene pachoka munthuyo. Imatha kubwereza tsamba limodzi kasanu, koma siingabweretse chinthu chimene mulibe m'chithunzimo. Njira yatsopano, monga Generative Fill ya mu 2023 kapena Stable Diffusion ya mu 2022, imajambula zatsopano. Pabowo imayamba ndi timadontho tosokonekera, ngati tija timaoneka pa TV ikataya siginolo, kenako imayeretsa pang'onopang'ono, kambirimbiri. Ulendo uliwonse imayang'ana zozungulira bowolo n'kuyerekeza chimene kawirikawiri chimakhala pamalo oterowo, potengera zithunzi zankhaninkhani zimene inaphunzitsidwa nazo.

Apa ndiye pagona nkhani. Titakulitsa chithunzi cha amayi, tinapeza kuti mzere wosankhira unadutsa m'mphepete mwenimweni mwa thupi la bamboyo. Unasiya msonga ya nsapato yake, kachingwe ka chikwama, ndi mthunzi wake wautali pa udzu. Tsono taganizani zimene pulogalamu inapatsidwa: bowo lokhala ndi mutu, mapewa ndi miyendo, pansi pake pali nsapato, pambali pake pagona mthunzi wa munthu. M'zithunzi zimene inaphunzira, pamwamba pa nsapato pamakhala mwendo, ndipo mthunzi umakhala ndi mwini wake. Ndiye inabweza mwini wake.

Tinakonza pa Photoshop, ndipo ndifotokoza mmene tinachitira. Mayina a mabatani amasiyana pa mapulogalamu ena, koma nzeru yake ndi yomweyi.

Yambani ndi kusunga chithunzi choyambirira padera, mugwire ntchito pa kope. Ngati n'kotheka, tengani chochokera mu foni imene inajambula, chifukwa chimene chadutsa pa WhatsApp monga chithunzi wamba chimakhala chitafinyidwa, m'mphepete mwa zinthu mutachita chimbuuzi.

Kenako kulitsani chithunzicho, ndipo musanasankhe kalikonse, sakani zonse za munthu amene mukumuchotsayo. Pamenepa musathamange, chifukwa ntchito yonse imapita kapena kufera apa. Yang'anani mthunzi wake, chimene wanyamula, tsitsi lotuluka m'mbali, ndi chithunzithunzi chake ngati pafupi pali galasi la galimoto kapena madzi. Pazithunzi za ukwati, chimene ambiri amaiwala ndi zala za munthuyo zimene zagwira phewa la mnzake. Mukasiya zala zinayi paphewa, yembekezerani mkono watsopano.

Tengani Lasso Tool muzungulize zonsezo pamodzi, mwataya, osatsata maonekedwe a thupi. Bowo lizioneka ngati mbatata, lisaoneke ngati munthu. Ngati mwasankha kale ndi Object Selection Tool, imene imamatirira pathupi, pitani ku Select > Modify > Expand muwonjezere. Chithunzi chathu chinali cha timadontho 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi, ndipo tinawonjezera 30, kenako n'kuphatikiza mthunzi pamanja, pogwira Shift pozunguliza. Mbali imene bamboyo anayandikana ndi nsalu ya amayi tinasamala kuti mzere ungokhudza nsaluyo pang'ono. Chilichonse chimene chalowa m'bowo chimajambulidwanso, ndipo maluwa a pachitenje akalowamo amatuluka ena.

Dinani Generative Fill, ndipo bokosi lolembamo mawu mulisiye lopanda kanthu, mungodina Generate. Anthu ambiri amalembamo lamulo lakuti munthu achotsedwe. Bokosilo limayembekezera kuti mufotokoze chimene chijambulidwe, choncho mukatchulamo munthu mwaikumbutsa za munthu. Ngati lopanda kanthu silikukupatsani zabwino, lembani chimene mukufuna kuona, m'mawu ochepa a Chingerezi. Ife ulendo wachiwiri tinalemba izi:

```
grass, fallen purple flowers
```

Imakupatsani zotsatira zitatu zosiyana, chifukwa chilichonse chimayambira pa timadontho tosokonekera take. Choncho ikatulutsa chachilendo kamodzi, yesaninso. Koma ikabweretsa munthu katatu konse, musamangodina Generate n'kumatha mabando a intaneti. Chilipo chimene mwasiya m'mphepete, bwererani mukachipeze. Kwa ife chinali kachidutswa ka mthunzi wa mutu, kamene kanagwera pa mwendo wa benchi. Titakalowetsa m'bowo, zotsatira ziwiri mwa zitatu zinali udzu ndi maluwa basi.

Bowo likakhala lalikulu kwambiri, pakati pake pamakhala patali ndi chilichonse chenicheni, ndipo mpamene pamamera mitengo, mipando ndi zikwangwani zosadziwika. Pamatulukanso mosalala kuposa mbali zina, chifukwa pulogalamu imajambula pa kukula kwake kokhazikika n'kutambasula kuti pakwane. Ligaweni m'zigawo zing'onozing'ono, kuti chigawo chilichonse chikhale ndi zoona zozungulira.

Amene amagwiritsa ntchito Stable Diffusion kudzera pa pulogalamu ya AUTOMATIC1111 ayang'ane zinthu ziwiri. Masked content ikakhala pa original, ntchito imayambira pa munthu yemwe uja, ndipo Denoising strength ikakhala yotsika amangosintha malaya n'kukhalabe pomwepo. Pochotsa, sankhani fill ndipo mukweze nambalayo kufika cha ku 0.8 kapena kupitirira.

Pomaliza kulitsani chithunzi mpaka 100% muyendere m'mphepete mwa pamene panali bowo. Onani ngati mizere ya njerwa, mpanda kapena benchi ikukumana bwino mbali zonse, ndiponso ngati mithunzi yonse yagwera mbali imodzi. Zilembo ndi zala ndiye zimaulula msanga. Stable Diffusion yoyamba inkapanikiza chithunzi cha 512 ndi 512 kukhala 64 ndi 64 isanayambe kujambula, kotero tinthu ting'onoting'ono timangoyerekezedwa. Ndicho chifukwa chikwangwani cha kombi chimatuluka ndi zooneka ngati zilembo koma zosawerengeka.

Pali malo amodzi pamene ine ndimakana. Mlongo wanga anabweretsanso chithunzi chakale cha malemu agogo aamuna, chimene anajambulitsa ku Mbare atangofika kuchokera ku Nyasaland, pomwe phewa la mnzawo linaphimba theka la nkhope yawo. Pulogalamu ingathe kudzaza theka limenelo mooneka bwino kwambiri, koma diso ndi tsaya zimenezo zikanakhala zongopeka, ndipo adzukulu akanakula akuyesa kuti ndi mmene agogo awo ankaonekera. Chimenecho tinangochotsa madontho a nkhungu m'makona, mnzawoyo tinamusiya ali chiimire pambali pawo.