Momwe mungasindikizire maadiresi pa malebulo ndi maenvelopu kuti mawu agwere pamalo pake

Adiresi ikatuluka itakwera pa lebulo ya mnzake, kapena itatembenuka chadodolido pa envelopu, ambiri amathamangira kunena kuti pulinta yafa. Kawirikawiri pulintayo ilibe mlandu. Kukula kwa pepala kumanenedwa m'malo atatu: mu Word, m'zosankha za pulinta pa kompyuta, ndi pa thireyi yeniyeniyo. Pakangosemphana pamodzi, mawu amasochera. Choncho ntchito yonse ndi kugwirizanitsa malo atatuwa, kenako kuyesa pa pepala wamba musanaononge malebulo amene mwagula ndi ndalama ku Kamwala kapena m'tauni.

Yambani ndi rula. Pepala lathu kuno ku Lusaka ndi A4, lomwe ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Koma makompyuta ambiri, makamaka ogula kwa wina, amabwera atasankhidwa Letter, pepala la ku Amerika la 216 ndi 279. Maenvelopu nawonso ali ndi mayina. Yaitali ija yolowa kalata yopinda patatu ndi DL, ya 110 ndi 220. Yolowa A4 yopinda pakati ndi C5, ya 162 ndi 229. Yezani yanu, chifukwa Word nthawi zina amayamba ndi Size 10, ya ku Amerika, yomwe ndi yaitali kuposa DL ndi masentimita awiri. Kusiyana kumeneku n'kokwanira kukankhira adiresi kumbali.

Pa envelopu, tsegulani Mailings, dinani Envelopes, lembani adiresi ya wolandira ndi nambala ya positi ngati 10101 ya Lusaka, kenako dinani Options. Pa Envelope Options sankhani kukula kumene mwayeza. Pomwepo pali From left ndi From top, zosunthira adiresi ngati mukufuna itsike kapena ipite kumanja. Pa Printing Options mupeza tizithunzi toonetsa mmene envelopu ingagonere m'thireyi, ndi Face up, Face down komanso Feed from.

Envelopu isalowe m'thireyi yaikulu ya pansi ngati pulinta ili ndi ina. Gwiritsani ntchito kakhomo kotsegula kutsogolo kapena m'mbali, kotchedwa Manual Feed, Bypass kapena Multipurpose Tray, chifukwa njira yake simapinda pepala kwambiri. Pa thireyipo pamakhala kachithunzi ka envelopu kosonyeza mbali yoyang'ana kumwamba. Khulupirirani kameneko kuposa Word, ndipo sankhani mu Word kachithunzi kofanana nako. Fendezani timapulasitiki ta m'mbali tija mpaka tikhudze envelopu popanda kuifinya. Tikatalikira, envelopu imalowa mopendama ndipo mizere imatuluka yotsetsereka. Ngati pulinta ili ndi sikirini ndipo yafunsa kukula ndi mtundu wa pepala, musangodina OK. Iuzeni DL ndi Envelope, ndipo munenenso zomwezo pa Printer Properties. Mtundu wa pepala ndi umene umauza pulinta ya leza kuyenda pang'onopang'ono kuti tona agwire bwino. Mukasiya Plain, zilembo zimatha kufufutika mukazipukuta ndi chala.

Poyesa, dulani pepala wamba likhale lofanana ndi envelopu, lembani X ndi pensulo pakona pamene pamakhala sitampa, nkulilowetsa. Adiresi ikatuluka kumbuyo kwa X, tembenuzani mmene mukuikira, ndipo mu Word musinthe pakati pa Face up ndi Face down kuti zigwirizane. Ikatuluka mutu pansi, sankhani kachithunzi kena kapena muzungulitse envelopuyo.

Malebulo ndiwo amavuta, poti malo ake ndi ochepa. Tiyeni titenge pepala la malebulo 21, atatu m'lifupi ndi asanu ndi awiri kutsika, lililonse la mamilimita 63.5 ndi 38.1. Pa Mailings dinani Labels, kenako Options, pa Label vendors sankhani Avery A4/A5, ndipo pa mndandanda mupeze L7160. Ngakhale paketi yanu ili ya kampani ina, nthawi zambiri imalemba nambala yofanana nayo. Musatenge 5160 ya Avery US Letter poona kuti manambala akuyandikana: imeneyo ndi ya malebulo 30 pa pepala la Letter. Dinani New Document kuti muone tsamba lonse, lembanimo maadiresi, nkusindikiza pa A4 wamba. Ikani pepalalo pamwamba pa la malebulo, muziunike pa windo.

Apa yang'anani mzere woyamba ndi womaliza, chifukwa ndi imene imakuuzani matenda ake.

Ngati maadiresi onse asuntha mofanana, tinene kuti onse akwera ndi mamilimita 2, ndiye kuti kukula kuli bwino, kungoti pulinta yanu imayambira pamwamba pang'ono. Bwererani ku Options, dinani Details, ndipo pa Top margin, yomwe pa pepala limeneli ili pafupifupi mamilimita 15, muonjezere 2. Akasunthira kumanzere onse, onjezerani Side margin. Word angakupempheni dzina latsopano la lebuloyo. Lipatseni la pulinta yanu kuti mwezi wamawa musayambirenso. Mukasintha, pangani tsamba latsopano, chifukwa lakale lija silisintha lokha.

Koma ngati mzere woyamba uli bwino ndipo kusunthako kukukulirakulira potsika, musakhudze Top margin, mungotaya nthawi. Pali china chimene chikuchepetsa tsamba. Werengani nokha: tsamba likachepetsedwa kufika pa 97 peresenti, mzere uliwonse umataya milimita imodzi ndi kanthu pa 38.1 paja. Kuchoka mzere woyamba kufika wachisanu ndi chiwiri, mwataya pafupifupi mamilimita 7, ndiye dzina la wolandira lili kale pa lebulo ya pamwamba. Izi zimachitika kwambiri mukasandutsa tsamba kukhala PDF nkukasindikizitsa pa shopu, pomwe pulogalamu yasankha Fit yokha. Muuzeni wa pa shopuyo asankhe Actual size kapena 100%. Mu Word, pa Print onani kuti Scale to Paper Size ili pa No Scaling, ndipo pa Printer Properties pepala likhale A4. Pulinta ikamaganiza kuti muli Letter, imatha kufinya tsamba kufika pafupifupi 94 peresenti, kusuntha kwake nkukhala kowirikiza.

Zonsezi zikakhala bwino koma kusuntha kukukulabe, ndiye kuti malebulo anu si ofanana ndi nambala imene mwasankha. Yezani kuchokera pamwamba pa lebulo yoyamba kufika pamwamba pa ya m'munsi mwake, ndipo muyezo umenewo muulembe pa Vertical pitch. Kuti rula isakunamizeni, yezani kuchokera pamwamba pa yoyamba kufika pamwamba pa yachisanu ndi chiwiri potsika, nkugawa ndi 6. Chopingasa chake ndi Horizontal pitch.

Mukakhutira, sankhani Labels pa mtundu wa pepala, muike tsamba limodzi kaye. Onaninso paketi ngati yalembedwa kuti ndi ya leza kapena ya inki, chifukwa guluu wosayenera amasungunuka ndi kutentha kwa leza. Tsamba limene mwamatulapo kale malebulo ena musalibwezere mu pulinta ya leza, ngakhale mtima ukuwawa ndi otsalawo. Lebulo ikamatukira m'kati, kukonzetsa kwake kumadula kuposa paketi yonse. Nyengo ya mvula, sungani maenvelopu m'pulasitiki yake. Akanyowa amatuluka okwinyika, ndipo mu leza chivundikiro chimadzimata chokha kalata musanaikemo.