Kufupikitsa nkhani yomvetsera pa mayeso a Chingerezi a PTE Academic

"Pa Summarize Spoken Text ndimangobwereza mawu a wolankhula. Nditani?"

Summarize Spoken Text ndi gawo la mayesowa limene mumamvetsera nkhani kenako n'kuilemba mwachidule. Nkhaniyo imamveka kamodzi kokha, masekondi 60 mpaka 90. Pomvetsera musalembe ziganizo. Lembani timawu tokha: mutu, chifukwa, zotsatira. Mwachitsanzo: njuchi zikutha, mankhwala, zokolola kuchepa.

Akamaliza, dzifotokozereni chamumtima ngati mukuuza mnzanu amene kunalibe. Apa mpamene mawu anuanu amatulukira: "Wolankhulayo akuti mankhwala opopera mbewu akupha njuchi, motero zipatso sizikubereka mokwanira." Kenako lembani zimenezo m'Chingerezi. Mayina a zinthu asiyeni momwe alili, sinthani kamangidwe ka chiganizo. Maganizo anu musaikemo.

Muli ndi mphindi 10, ndipo pakufunika mawu 50 mpaka 70. Akapitirira, yambani kudula zitsanzo. Sungani mphindi ziwiri zoonera masipelo.