Uthenga wa Khirisimasi woitana mnzako, nonse mulandire mphatso

"Ndili ndi saluni. Pa Khirisimasi ndikufuna kasitomala akabweretsa mnzake, onse awiri apindule. Uthengawo ndiulembe bwanji?"

Yambani ndi mphatsoyo, ndipo muitchule ndi nambala. Mawu akuti "mudzalandira kenakake" sakopa munthu. Nenani kuti aliyense mwa awiriwo adzachotseredwa 20 peresenti. Ine ndimakonda kuti mphatso zifanane, chifukwa woitana sachita manyazi ngati akudyera mnzake.

Kenako fotokozani nthawi imene mphatsoyo ikutuluka. Apa ndi pamene mikangano imayambira. Mukangolemba kuti "bweretsani mnzanu", wina adzabwera ndi mchemwali wake wongomuperekeza n'kufuna kuchotseredwa. Lembani kuti mnzakeyo akhale woti sanakonzetsepo tsitsi kwa inu, ndipo woitana adzalandira yake mnzakeyo akalipira. Mlendoyo azitchula dzina la womuitana polipira, inu n'kulemba m'kaundula pomwepo.

Musaiwale tsiku lomaliza ndi malire a anthu. Popanda malire, woitana anzake asanu adzati 20 kasanu ndi 100, ndiye mumuluke ulere.

Uthengawo ungamveke chonchi:

"Khirisimasi ino musakongole nokha! Bweretsani mnzanu amene sanabwerepo kwathu, adzachotseredwa 20 peresenti tsiku lomwelo. Akalipira, inunso tidzakuchotserani 20 peresenti ulendo wotsatira. Atchule dzina lanu polipira. Anzanu asapose atatu, ndipo mphatso ndi imodzi pa ulendo umodzi. Zonsezi zitha pa 31 Disembala."

Musanautumize, werengerani ngati phindu likutsalabe mukachotsera anthu awiri. Likachepa, tsitsani pa 10.