Mmene ndinakonzera kuchepa kwa mapaipi pa nyumba ina

Nditawerenga kutalika kwa mapaipi pa pulani ya nyumba ina, ndinapeza mamita 17 kuchokera pa mita ya madzi kukafika ku sinki ndi kubafa, ndipo ndinagula mapaipi atatu a mamita 6, koma anatha ntchito ili pakati. Cholakwa chinali chakuti pulani imaonetsa nyumba ngati mmene munthu angaionere ali pamwamba, motero paipi yokwera pakhoma imangooneka ngati kadontho.

Ndinajambulanso njira yonse m'zigawo, n'kulemba kukwera kulikonse kuchokera mu ngalande yokwiriramo mapaipi, yomwe inali yakuya mamita 0.5. Mpopi wa sinki unafuna mamita 1.6, shawa inafuna 2.6, ndipo thanki la chimbudzi linafuna 0.8, zomwe zinawonjezera mamita 5, kufikitsa 22, kutanthauza mapaipi anayi.

Podula, ndinasamala kwambiri. Pakati pa zigongono ziwiri, zomwe ndi zolumikizira mapaipi pokhota, panali mamilimita 1,000 kuyeza pakatikati pa chilichonse. Kuchokera pakati pa chigongono kufika pakamwa pake ndinayeza mamilimita 28, koma paipi imalowamo 13, choncho ndinachotsa 15 mbali iliyonse n'kudula 970. Ndikanadula 1,000, mpopi ukanaphonya malo ake ndi mamilimita 30.