Momwe mungaunikire mafonti ndi zithunzi mu dizaini ya kasitomala musanaisindikize

Mayi wina wogulitsa uchi ku Luwinga anatipatsa ntchito ya lebulo ya pabotolo, malebulo 5,000, ndi chikwangwani chachikulu chopachika pashopu. Dizaini anapanga ndi mnyamata amene timamupatsa maganyu, ine ntchito yanga inali kuiunika isanapite ku makina. Poiona inali yokongola: dzina la uchi m'zilembo zopindika, mayi womwetulira atanyamula chisa cha njuchi, kumbuyo kwake mapiri obiriwira. Koma zinthu zitatu mwa zisanu zimene zinali mu fayiloyo tinalibe chilolezo chozigwiritsa ntchito pa malonda.

Lamulo la kopiraiti la Malawi la 2016 limateteza zithunzi ndi ntchito zina zaluso, ndipo fayilo ya fonti imabwera ndi mgwirizano wake wonena zimene ungachite nayo. Mwini wake akadandaula, amayambira pa dzina limene lili pabotolo, lomwe ndi la kasitomala. Kasitomalayo amabwera kwa inu amene munalandira ndalama yake. Nayi njira imene ndimatsata.

Yambani ndi kufunsa kumene dizaini ikupita

Musanatsegule fayilo, funsani kasitomala kuti chinthucho chidzaoneka pati. Laisensi imodzimodzi ikhoza kulola lebulo koma kukana tisheti yogulitsa. Mayi wa uchi anati malebulo, chikwangwani, tsamba la Facebook, komanso kuti dzina lopindika lija likhale logo yawo mpaka kalekale. Mawu oti logo aja ndinawalemba pambali, chifukwa amasintha zambiri.

Kenako uzani wopanga dizaini akutumizireni fayilo yogwirirapo ntchito, ya CorelDRAW, Illustrator kapena Photoshop, zilembo zake zikadali zilembo. JPG ya pa WhatsApp siingakuuzeni kanthu.

Tulutsani mayina a mafonti onse

Mu Illustrator pitani pa Type > Find/Replace Font. Mu CorelDRAW mayinawo ali pa File > Document Properties. Ngati muli ndi PDF yokha, mu Acrobat tsegulani File > Properties ndi kudina Fonts. Amene muli ndi pulogalamu ya Poppler pa kompyuta lembani:

```
pdffonts lebulo.pdf
```

Mndandanda ukatuluka wopanda kanthu pamene mawu mukuwaona ndi maso, ndiye kuti zilembo zinasandutsidwa kale zojambula, ndi Convert to Curves mu CorelDRAW kapena Create Outlines mu Illustrator. Anyamata ambiri amaganiza kuti akatero nkhani ya laisensi yatha. Ayi. Kuteroko kumathandiza kuti makina osindikizira asasinthe zilembo, basi. Ngati fonti inali yosaloledwa pa malonda isanasandutsidwe, ikadali yosaloledwa, kungoti dzina lake labisika. Zikatere funsani fayilo yoyambirira, kapena jambulani mawuwo muwaike pa tsamba la WhatTheFont kuti likuuzeni mayina ofanana nawo.

Pa lebulo yathu panatuluka mafonti atatu, pamene maso anga amaona awiri. Woyamba anali Montserrat, wa mawu ang'onoang'ono. Wachiwiri anali wopindika uja. Wachitatu anali Arial, ndipo anali pa chilembo chimodzi chokha.

Chilembocho chinali ŵ, m'mawu oti "Wopangidwa ku Malaŵi", olembedwa m'zilembo zopindika zija. Mafonti ambiri okongoletsa alibe ŵ, ndiye wopanga dizaini amabwereka ku fonti ina, kapena pulogalamu imalowetsa yokha mwakachetechete. Kuno ku Mzuzu, kumene ntchito zambiri timalemba m'Chitumbuka chodzaza ndi ŵ, ichi ndi chinthu choyang'ana nthawi zonse: kulitsani chithunzi muone ngati chilembocho n'chonenepa mofanana ndi zinzake. Ena amatsegula fayilo ya fonti n'kuwonjezamo kachipewa ka pamwamba okha, koma malaisensi ambiri ogula amaletsa kusintha fayiloyo.

Fonti iliyonse ipezereni pepala lake

Montserrat inali yosavuta. Ili pa Google Fonts pansi pa SIL Open Font License, imene imalola malonda, logo, kusindikiza, ngakhale kupatsa kasitomala fayilo ya fontiyo, bola ipite pamodzi ndi kafayilo kake ka OFL.txt ndipo musaigulitse payokha. Ili ndi ŵ yakeyake.

Wopindika uja ndi amene anavuta. Ndinamuimbira mnyamatayo.

"Achimwene, fonti ya dzinayi mwaitenga kuti?"

"Pa DaFont, bwana. Ndi yaulere."

Ndinamuuza atsegule tsambalo awerenge mawu ali pamwamba pa batani la Download. Anawerenga pang'onopang'ono: Free for personal use. Tanthauzo lake ndi loti mukhoza kupangira khadi ya tsiku lobadwa la mwana wanu, koma osati chinthu chimene wina akulipira kapena chimene chikutsatsa malonda. Pa tsamba limenelo pali magulu angapo, monga 100% Free, Demo ndi Donationware, ndipo ngakhale zalembedwa 100% Free, tsegulani zipu muwerenge kafayilo ka readme kapena license kali m'katimo, chifukwa mawu a mwini fonti ndi amene ali ndi mphamvu. Pa Windows mukhozanso kudina kumanja pa fayilo ya fonti, Properties, kenako Details, muone dzina la mwini wake ndi mzere wa Font embeddability. Mukaona Restricted, fontiyo siyoti ilowetsedwe mu PDF.

Mafonti ogula ali ndi msampha wina. Laisensi ya Desktop imalola wopanga dizaini kupanga lebulo ndi kupereka ntchito yomalizidwa, koma fayilo ya fonti imakhalabe yake. Kasitomala akafuna kumasintha yekha mitengo pa kompyuta yake, agule laisensi yakeyake. Kuika fontiyo pa webusayiti ndi laisensi ina, mu apu ndi inanso. A Adobe Fonts amalola logo ndi zosindikiza kwa amene akulipira Creative Cloud, koma simungakopere mafayilowo pa fulashi kuti mupatse munthu. Ndipo mukaona fonti yogula ngati Gotham kapena Helvetica Neue pa laputopu imene mafonti ake anachokera mu foda yopatsirana ya mafonti masauzande, musavutike n'kufunsa ngati ndi yaulere. Funsani risiti.

Mayi wa uchi tinawapatsa njira ziwiri: kugula laisensi ya malonda kwa mwini fontiyo, imene ikutchula logo momveka, kapena kusankha fonti ina yopindika pa Google Fonts. Kulipira kunja ndi khadi masiku ano si nkhani yapafupi, ndiye anasankha yachiwiri. Tinalemba "Malaŵi" m'bokosi loyesera pa tsambalo tisanasankhe, kuti ŵ aoneke ndi maso.

Tsopano zithunzi, chimodzichimodzi

Mu Illustrator, Window > Links imaonetsa zithunzi zonse ndi mayina a mafayilo ake. Dzina lokha limaulula zambiri. Chithunzi chotchedwa images (3).jpg kapena download.jpg nthawi zambiri chimakhala chotengedwa pa Google, ndipo Google si mwini zithunzi, amangokuonetsani za anthu ena. Dzina limene likuyamba ndi FB_IMG ndi la pa Facebook. Chithunzi chilichonse chiikeni pa Google Lens kapena TinEye muone kumene chinayambira. Kulitsaninso kwambiri pamakona ndi pamalo osalala ngati mitambo: pamene wina anafufuta chidindo cha kampani yogulitsa zithunzi pamatsala mabala obwerezabwereza.

Mapiri athu anachokera pa Wikimedia Commons, ndipo wojambula anaika laisensi ya Creative Commons yotchedwa CC BY-SA. BY akutanthauza kuti dzina la wojambula litchulidwe, SA kuti chimene mwapanga posintha chithunzicho chituluke pa laisensi yofananayo. Pa lebulo ya botolo la uchi malo a zonsezo palibe, komanso mayiwo sakanakonda kuti ntchito yawo ikhale yoti aliyense atengepo. Mukaona NC, musataye nthawi, malonda ndi oletsedwa. ND imaletsa kugawa chithunzi chimene mwachisintha.

Zithunzi zogula nazo muwerenge malaisensi ake. Laisensi ya Standard ya Shutterstock imalola kusindikiza mpaka makope 500,000, ndiye malebulo 5,000 akanakwana bwinobwino, koma siilola kuika chithunzicho pa tisheti kapena kapu yogulitsa, ndiponso siilola kuchisandutsa logo. Chimene chalembedwa Editorial use only ndi cha nkhani za m'nyuzipepala, osati chotsatsira malonda, ngakhale mutachilipira. Zojambula za mu Canva nazonso simungazitenge kukhala chizindikiro cholembetsa cha kampani, poti wina aliyense akhoza kutenga chomwecho. Risiti ikhale ndi nambala ya chithunzi chenichenicho.

Nkhope ya munthu ili ndi eni awiri

Mayi wonyamula chisa cha njuchi uja anachokera pa tsamba la Facebook la bungwe lina lothandiza alimi. Apa zilolezo zofunika ndi ziwiri: cha amene anajambula, ndi cha amene anajambulidwa. Mayiyo mwina analola kujambulidwa pofuna lipoti la bungwelo, koma sanalole kuti nkhope yake igulitse uchi wa munthu wina. Mzuzu ndi tauni yaing'ono. Botolo likafika mu msika, sabata siitha wachibale wake asanamuzindikire.

Ngakhale masamba aulere ngati Unsplash ndi Pexels, amene amalola malonda, sakutsimikizirani kuti munthu wa pachithunzi anasaina chilichonse. Ine nkhope yozindikirika yochokera kumeneko sindiyiika pa katundu wogulitsa.

Tinachita chapafupi. Tinatuma wojambula kumalo kumene mayi wa uchi amasunga ming'oma yawo, anajambula mchemwali wawo atanyamula chisa, mapiri enieni akuoneka kumbuyo, ndiye mavuto awiri anathera pa chithunzi chimodzi. Mchemwaliyo anasaina kapepala konena kuti walola nkhope yake pa lebulo, chikwangwani ndi Facebook ya uchiwo. Akanakhala mwana, akanasaina ndi kholo. Wojambulayo nayenso analemba kuti chithunzicho chigwiritsidwe ntchito pa malonda amenewa popanda malire a nthawi kapena a chiwerengero cha malebulo. Musaganize kuti kulipira wojambula pa Airtel Money kapena Mpamba kwakupatsani zonse. Zilembedwe.

Sungani umboni pamodzi ndi ntchito

Mu foda ya kasitomala pangani kafoda kena ka malaisensi. Ikanimo OFL.txt ya fonti iliyonse, marisiti, makalata osainidwa mutawajambula, ndi chithunzi cha sikirini cha tsamba limene munatengapo chinthu chaulere, deti likuoneka, chifukwa masamba amasintha malamulo awo ndipo zithunzi zimachotsedwa. Lembaninso pepala limodzi lotchula chinthu chilichonse, kumene chinachokera, ndi zimene sichiloledwa. Ngati chithunzi kapena logo wabweretsa ndi kasitomala mwini, alembe pa pepala lomwelo kuti ndi zake ndipo ali ndi chilolezo.

Pamenepo m'pamene mungasandutse zilembo kukhala zojambula ndi kutumiza ku makina, koma fayilo ya zilembo zamoyo isungeni pambali. Mayi wa uchi anabweranso patapita miyezi ingapo akufuna matisheti oti azigulitsa pa chionetsero cha malonda. Tinatsegula pepala lija, tinaona kuti mafonti onse ndi ololedwa, koma makalata a mchemwali wawo ndi a wojambula sanatchule matisheti, ndiye tinawatumizira ena kuti asainenso tisanayambe kudinda.