Momwe mungapezere nambala ya sabata ya ISO, ndi chifukwa chake 2 Januwale 2027 ali m'sabata 53 ya 2026

Amene mumaoda katundu kunja mukudziwa kuti anthu a sitima zapamadzi ndi a mafakitale sakonda kutchula deti. Amangoti kontena inyamuka sabata 51, ifika ku Dar es Salaam sabata 3. Ine ndimasunga mabuku a holoselo ina ku Kamwala, ndipo malonda athu timawaphatikiza sabata ndi sabata, choncho manambala amenewa ndi chakudya changa cha tsiku lililonse. Miyezi yambiri savuta. Amavuta pakati pa 29 Disembala ndi 3 Januwale, ndipo kumapeto kwa 2026 avuta kwambiri chifukwa chakacho chili ndi masabata 53.

Choyamba gwirani lamulo lake. Dongosolo la ISO 8601 limati sabata imayamba Lolemba n'kutha Lamlungu, ndipo siidulidwa pakati ngakhale chaka chithere m'kati mwake. Chaka chili ndi masiku 365, omwe ndi masabata 52 ndi tsiku limodzi lotsala, ndiye kawirikawiri pamakhala sabata imodzi yoponda zaka ziwiri. Sabata yoteroyo imapita ku chaka chomwe chatenga masiku ambiri mwa asanu ndi awiriwo. Simufunika kuwerenga masiku ndi zala, ingoyang'anani Lachinayi. Lili pakati penipeni, masiku atatu kumbuyo, atatu kutsogolo, kotero chaka chomwe chatenga Lachinayi chatenga masiku osachepera anayi. Sabata 1 ndi yomwe muli Lachinayi loyamba la Januwale. Ena amaloweza kuti ndi sabata yomwe muli 4 Januwale, ndipo n'chimodzimodzi.

Tsopano tsegulani kalendala pa 1 Januwale 2027. Likugwa Lachisanu. Bwererani ku Lachinayi la sabata imeneyo, mupeza 31 Disembala 2026. Ndiye kuti sabata yonse, kuyambira Lolemba 28 Disembala mpaka Lamlungu 3 Januwale, ndi ya 2026, ndipo imalembedwa 2026-W53. Sabata 1 ya 2027 iyamba Lolemba pa 4 Januwale. Nthawi iliyonse 1 Januwale akagwa Lachisanu, Loweruka kapena Lamlungu, masiku oyambirirawo amatsalira m'chaka chakale: atatu, awiri kapena limodzi. Akagwa Lachiwiri, Lachitatu kapena Lachinayi zimatembenuka, masiku omaliza a Disembala ndiwo amakokedwera kutsogolo. N'chifukwa chake 29, 30 ndi 31 Disembala 2025 anali kale m'sabata 1 ya 2026.

Mwina mufunsa kuti sabata yomalizayo bwanji ikhale 53 osati 52. Chaka chimakhala ndi masabata 53 chikayamba Lachinayi, kapena chikayamba Lachitatu chili cha masiku 366. 2026 chinayamba Lachinayi. Zina zotere ndi 2015, 2020 ndi 2032. Ngati simukufuna kuloweza, yang'anani sabata yomwe muli 28 Disembala, chifukwa deti limeneli nthawi zonse limagwa m'sabata yomaliza.

Papepala zimawerengeka. Pezani kuti tsiku lanu ndi lachingati m'chaka, chotsanipo nambala ya tsikulo m'sabata (Lolemba 1 mpaka Lamlungu 7), wonjezerani 10, gawani ndi 7, zotsala mutaye. Titenge 15 Malichi 2027, lomwe ndi Lolemba. Januwale 31, Febuluwale 28, ndi 15 a Malichi, zakwana 74. Kuchotsa 1 n'kuwonjezera 10 tapeza 83, ndipo 7 amalowa ka 11 mu 83. Ndi sabata 11. Loweruka la 2 Januwale 2027: 2 kuchotsa 6 kuwonjezera 10 ndi 6, ndipo 7 salowamo. Yankho likatuluka 0 chonchi, tsikulo ndi la sabata yomaliza ya chaka cham'mbuyo. Likatuluka 53, onetsetsani kuti chakacho chili nayodi sabata 53, apo ayi ndi sabata 1 ya chaka chotsatira.

Ambiri a ife timagwiritsa Excel. Ngati deti lili mu selo A2, lembani izi:

```
=ISOWEEKNUM(A2)
```

Ikakutulutsirani `#NAME?`, Excel yanu ndi yakale kuposa ya 2013. Anyamata ena ogulitsa malaputopu ogwiritsidwa kale m'tauni amangoponyamo pulogalamu iliyonse yomwe ali nayo pa fulashi, kenako akulipiritsani ngati kuti akuyikirani yatsopano. Osabwererako kukawapatsa ndalama zina. Pa Excel ya 2010 `=WEEKNUM(A2,21)` imapereka yankho lomwelo, ndipo LibreOffice Calc ndi Google Sheets, zomwe n'zaulere, zimaidziwa `ISOWEEKNUM`.

Chenjerani ndi `WEEKNUM(A2)` yopanda 21. Imeneyo imawerenga mwa njira ina: sabata imayamba Lamlungu, ndipo sabata 1 ndi iliyonse yomwe muli 1 Januwale. Chonyenga chake n'chakuti kuyambira 2023 mpaka 2026 njira ziwirizi zakhala zikugwirizana pa masiku a Lolemba mpaka Loweruka, kupatula masiku ochepa omaliza a Disembala, moti munthu akhoza kukhala zaka zinayi akugwiritsa yolakwika osadziwa. Mu 2027 zisiyana chaka chonse. Lolemba la 4 Januwale `WEEKNUM` iti 2 pomwe ISO ikuti 1. Wotumiza katundu akati sabata 10, inu mudzakonza thiraki ndi anthu otsitsa sabata imodzi isanakwane nthawi, n'kumalipira dalaivala wongokhala.

Tsopano tafika pomwe ine pananditengera masiku, ndipo ndichedwapo. Nambala ya sabata payokha siikwana, iyenera kuyenda ndi chaka chake, ndipo chaka cha sabata si nthawi zonse chimafanana ndi cha pakalendala. Tebulo lathu la malonda linali ndi kolamu ya chaka yotenga `YEAR(A2)` ndi ina ya sabata yotenga `ISOWEEKNUM(A2)`, zonse zolondola pazokha. Pa Loweruka la 2 Januwale 2021 zinapereka chaka 2021, sabata 53. Koma 2021 ilibe sabata 53, ili ndi 52 basi. Malonda a tsikulo anakakhala pansi penipeni pa lipoti la 2021, pambuyo pa Disembala yemwe anali asanafike n'komwe, pomwe sabata 53 ya 2020 inaoneka yowonda. Abwana ataona anafunsa kuti, "Kodi Loweruka lija tinatseka shopu?" Ndalama zinali m'banki, koma papepala palibe, ndipo mukudziwa m'mene anthu amayambira kuyang'anana zikatero. Mtsikana wa pa kauntala anawerengetsedwa malisiti kawiri popanda chomwe analakwa.

Cha 2021 chinali chabwinoko chifukwa sabata 53 yongobuka imaonekera. Choopsa ndi chaka ngati 2022. Masiku a 1 ndi 2 Januwale 2022 ndi a sabata 52 ya 2021, koma tebulo lotere limawalemba 2022 sabata 52. Sabata imeneyo ilikodi, ndi ya pakati pa Khirisimasi ndi chaka chatsopano, ndiye malonda a Januwale amakasakanikirana ndi a 26 mpaka 31 Disembala 2022 popanda chenjezo lililonse. Zomwezo zimachitika mbali inayo: 29 mpaka 31 Disembala 2025 amalembedwa 2025 sabata 1, n'kukaunjikana ndi masiku a 1 mpaka 5 Januwale 2025, omwe anadutsa pafupifupi chaka chathunthu m'mbuyo. Mukafuna kudziwa ngati tebulo lanu lili ndi matendawa, werengani madeti osiyana omwe ali pansi pa sabata 1, 52 ndi 53, ndipo onani deti loyamba ndi lomaliza la sabata iliyonse. Mukapeza madeti asanu ndi atatu m'sabata imodzi, kapena Januwale ndi Disembala a chaka chimodzi ali pamodzi, ndi zomwezo.

Mankhwala ake ndi Lachinayi lomwe lija. Uzani Excel ipeze Lachinayi la sabata ya deti lanu, kenako itenge chaka cha Lachinayilo:

```
=YEAR(A2-WEEKDAY(A2,3)+3)
```

`WEEKDAY(A2,3)` imapereka 0 pa Lolemba mpaka 6 pa Lamlungu. Kuichotsa pa deti kumakubwezani ku Lolemba, ndipo kuwonjezera 3 kumakufikitsani pa Lachinayi. Pa 2 Januwale 2027 imapereka 5, ndiye mubwerera masiku asanu kufika 28 Disembala, mupite atatu kufika 31 Disembala, chaka n'kutuluka 2026. Ine ndimaphatikiza zonse m'kolamu imodzi kuti wina asadzazilekanitsenso:

```
=YEAR(A2-WEEKDAY(A2,3)+3)&"-W"&TEXT(ISOWEEKNUM(A2),"00")
```

Ka `"00"` kakuchititsa kuti sabata 3 ilembedwe W03, apo ayi posanja W10 idzabwera W2 isanabwere. Musanaikhulupirire, iyeseni pa madeti atatu: 2 Januwale 2027 ipereke 2026-W53, 4 Januwale 2027 ipereke 2027-W01, ndipo 30 Disembala 2025 ipereke 2026-W01.

Ikakana, kawirikawiri vuto lili pa deti lenilenilo. Malaputopu ambiri obwera kuchokera kunja amakhala atatcheredwa kuyamba ndi mwezi, ndiye mukalemba 02/01/2027 amamva 1 Febuluwale, n'kukupatsani sabata 5 mosadandaula. Lembani 2027-01-02. `#VALUE!` ikutanthauza kuti detilo lalowa ngati mawu chabe.

Za madayale ndi makalendala apakhoma osindikizidwa manambala a masabata, musagule musanatsegule pa Januwale. Otchipa omwe amadzaza m'misewu chaka chikamatha ena amangolemba 1 pa sabata iliyonse yomwe muli 1 Januwale. Dayale ya 2027 yolemba sabata 1 pa 1 Januwale siyotsata ISO, ngakhale chikuto chake chikhale chokongola bwanji. Kalendala ya pafoni nayonso imatha kuonetsa manambala, koma onani kuti tsiku loyamba la sabata mwaika Lolemba, ndipo muiyese ndi madeti atatu aja.

Olemba mapulogalamu, n'zomwezo: `%V` iziyenda ndi `%G`, osati `%Y`.

```
date -d 2027-01-02 +%G-W%V
```

Zotsalazo n'zapafupi. Kokerani fomula pansi kolamu yonse, lipoti la masabata lizitenga kolamu yatsopanoyo, yakale ija muichotse. Lipoti la pamwezi ndi za msonkho musazikhudze, malonda a 2 Januwale 2027 ndi a Januwale 2027 ngakhale ali m'sabata ya 2026, choncho chiwerengero cha chaka pa masabata sichidzafanana ndendende ndi cha pa miyezi. Poyerekeza 2026 ndi 2025 kumbukirani kuti china chili ndi masabata 53, china 52. Ndipo wotumiza katundu akakuuzani nambala ya sabata yokha, m'funseni deti la Lolemba lake, alilembe pa invoisi.